Dandaulani za mzere, nthenda isiyeni m'buku

Mwezi watha ndidakwera minibasi pa Chitakale kupita ku Limbe kudzera msewu wa Midima. Tisanapite patali, mnyamata wina wa mpando wakumbuyo adatsegula uthenga wa mawu pa foni yake, nayikweza kuti tonse timve. Amene ankayankhula mu uthengawo adali bambo wokwiya. Ankati mkazi wake adachoka pakhomo kusanache kupita ku chipatala china chaching'ono, nabwerako dzuwa litapendeka, wanjala, atalalatiridwanso pamaso pa anthu. Adatchula mudzi wawo, adatchula tsiku lomwe mkaziyo amapita ku chipatalako, adati chitseko chake ndi chakuseri kuja, ndipo adamaliza ndi kunena kuti mmalo mwa mabotolo a miyezi isanu ndi umodzi adangomupatsa la mwezi umodzi.

Bamboyo sadatchule nthenda. Koma minibasi yonse idaidziwa. Mayi wina pambali panga adangoti, "Ooh, ndi a mankhwala aja," ndipo wina adayamba kufunsa kuti m'mudzi umenewo ndi banja liti. Ine ndine kiliniko ofesa, amene kumudzi mumangotitcha adokotala, ndipo ndidakhala chete ndikumvetsera. Zina mwa zomwe adanena ndazisintha muno kuti banjalo lisadziwike. Chimene chidandikhudza ndi ichi: uthengawo utatha, ndinkadziwa nthenda ya mayiyo, koma sindinkadziwa kuti tsiku lake lidathera pa khomo liti. Chomwe chikadathandiza kukonza chipatala sadachinene. Chomwe chikadayenera kukhala m'nyumba mwawo ndiye chidafika mpaka ku Limbe.

Maganizo anga ndi akuti odwala ayenera kumanena poyera mmene tawalandirira, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo azinena mopanda mantha. Koma ndemanga yabwino imanena za nthawi ndi za zochita za ogwira ntchito. Dzina la nthenda silionjezera mphamvu pa dandaulo lomwe likunenedwa pagulu. Limangoonjezera mtengo umene wodwalayo adzalipire pambuyo pake.

Tsiku lonse si muyeso

Mawu omwe timamva kawirikawiri ndi akuti "ndakhala ku chipatala tsiku lonse". Ndi oona, ndipo ndi owawa, koma mkulu wa chipatala akawamva sadziwa pogwira. Ulendo wa ku chipatala si mzere umodzi. Ndi mizere inayi kapena isanu yolumikizana: polembetsa ndi pa sikelo, pa khomo la adokotala, ku labu, kubwereranso kwa adokotala, kenako pa windo lolandirira mankhwala. Uliwonse uli ndi mwini wake ndi vuto lake. Mukauphatikiza wonse kukhala "tsiku lonse", aliyense wa ife amaloza mnzake.

Tiyerekeze kuti mayi uja adayang'ana nthawi pa foni yake pa khomo lililonse. Adafika 6:20 m'mawa. Adamulemba ndi kumukweza pa sikelo 7:50. Atakhala pa benchi adawerenga anthu 35 patsogolo pake, ndipo adalowa kwa adokotala 10:15. M'chipindamo adakhalamo mphindi zinayi. Adamuuza kuti zotsatira za magazi omwe adamutenga ulendo watha sizikuoneka, apite ku labu akamutengenso. Adamutenga magaziwo 11:40. Atabwerera adapeza chitseko cha adokotala chotseka, ndipo chidatsegulidwa 1:45 masana. Mankhwala adalandira 2:30. Kuchokera 6:20 kufika 2:30 ndi maola asanu ndi atatu ndi mphindi khumi.

Tsopano onani zomwe manambalawa akunena. Ola ndi theka loyambirira lidapita chifukwa adalawirira. Ntchito za boma zimayamba 7:30, choncho kuchedwa kwa chipatala pamenepa ndi mphindi 20. Kuchokera 7:50 kufika 10:15 ndi mphindi 145. Mukazigawa kwa anthu 35, aliyense adatenga pafupifupi mphindi zinayi. Ndiye kuti mzere unkayenda, adokotala sadakhale pansi kumwa tiyi. Vuto pamenepo ndi lakuti adalipo mmodzi. Munthu mmodzi akamaona odwala 120 pa mphindi zinayi aliyense amafunika maola asanu ndi atatu osadzuka pa mpando, ndipo womalizayo adikira maola onsewo ngakhale wina asalakwe kanthu. Dandaulo limeneli ndi lopita kwa akuluakulu omwe amagawa antchito, osati kwa amene ali m'chipindamo.

Koma zikadakhala kuti patsogolo pake padali anthu khumi okha ndipo adadikirabe mphindi 145, nkhani ikadasintha. Pamenepo ndiye kuti chitseko chidaima, kapena ena ankalowera pambali. Mphindi ndi zomwezo, koma mlandu ndi wina. N'chifukwa chake ndimati mukakhala pa benchi muziwerenga mitu ya omwe ali patsogolo panu. Palibe chida china chofunika.

Pamene tsiku la mayiyu lidaonongekera penipeni ndi pawiri. Poyamba ndi pa zotsatira zotayika, zomwe zidamubwezera ku mzere wa ku labu kwa ola ndi mphindi makumi awiri. Pachiwiri ndi pa chitseko chomwe chidakhala chotseka pafupifupi maola awiri masana, popanda womuuza chifukwa kapena wina wolowa mmalo. Ziwirizi ndi zomwe mkulu wa chipatala angazikonze sabata yomweyo, osadikira ndalama zochokera ku Lilongwe. Ndipo taonani kuti pofika apa sitinafunse n'komwe kuti mayiyu akudwala chiyani.

Nenani zomwe maso adaona

Gawo lachiwiri la ndemanga ndi chisamaliro. Apanso anthu amaganiza kuti kuti afotokoze bwino ayenera kuyamba ndi nthenda. Ayi. Chisamaliro chimaoneka pa zochita, ndipo zochitazo n'zofanana kaya mwabwera ndi dzino, kaya ndi chifuwa.

Dzifunseni mafunso awa. Kodi adandisiya kuti ndimalize kufotokoza, kapena adayamba kulemba ndisanatsegule pakamwa? Kodi adandipima, kundigwira pomwe ndimati pakupweteka? Chitseko chidali chotseka, kapena wotsatira adali ataimirira kale m'chipindamo? Adandiuza chomwe akuganiza kuti chandivuta, m'chiyankhulo chomwe ndimamva? Pa windo adandifotokozera kamwedwe ka mankhwala? Adandiuza tsiku lobweranso ndi zizindikiro zoti ndikaziona ndithamangire? Alipo adandiitanitsa ndalama pa chipatala cha boma, pomwe thandizo ndi laulere? Mukayankha mafunso amenewa, wina aliyense wodziwa ntchitoyi aona ngati mudathandizidwa bwino kapena ayi.

Pali kusiyana pakati pa zomwe mudaona ndi zomwe mukuganiza. Kunena kuti "pa windo adandiuza kuti mtundu umodzi wa mankhwala watha, ndikagule ku famase" ndi kunena chomwe chidachitika, ndipo chingafufuzidwe, chifukwa mankhwala aliwonse ali ndi khadi lake m'sitolo ya chipatala pomwe amalemba olowa ndi otuluka. Kunena kuti "amaba mankhwala" ndi kugamula mlandu womwe simudauone. Mwina ndi zoona, mwina galimoto ya mankhwala idachedwa. Mukanena choyambacho, khadi lija lidzayankha lokha. Mukanena chachiwiricho, nkhani imasanduka mkangano wa inu ndi wogwira ntchitoyo, ndipo za mankhwala zimaiwalika.

Chimodzimodzi ndi mwano. "Nesi wake ndi wamwano" ndi mawu oti mwiniwake angowakana. Koma "atandiitana adanena mokweza zomwe zalembedwa m'buku langa, anthu a pa benchi akumva" ndi chochitika chokhala ndi malo ndi nthawi. Simukufunika kubwereza zomwe adanenazo. Kungoti adaulula za m'buku pagulu ndi mlandu wokwanira. Ndipo pagulu simukufunikanso kutchula dzina lake. Chipatala chilichonse chili ndi ndandanda wa omwe adali pa ntchito tsiku lililonse. Dzina mukalipereke kwa wofufuza.

Makomo anayi omwe chinsinsi chimatulukira

Bambo wa mu uthenga uja ankaganiza kuti wasunga chinsinsi poti sadatchule nthenda. Ambiri timaganiza choncho. Koma nthenda ili ndi makomo ena otulukira.

Khomo loyamba ndi tsiku ndi chipinda. Zipatala zambiri, makamaka zazing'ono, zimagawa ntchito potengera masiku: sikelo ya amayi oyembekezera tsiku lake, a shuga ndi kuthamanga kwa magazi tsiku lawo, olandira ma ARV chipinda chawo. Achinyamata omwe ali ndi kachilombo ka HIV m'zipatala zambiri amakumana Loweruka. Anthu a m'dera amaidziwa ndondomeko imeneyi kuposa mmene amadziwira masiku a msika. Mukati "mwana wanga adapita Loweruka ku gulu lawo lija," mwanena zonse.

Khomo lachiwiri ndi mankhwala. Dzina lake, kuchuluka kwake, ngakhale kamwedwe kake. Panado sanena kanthu. Koma bakitilimu womwa tsiku ndi tsiku, mabotolo a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, kabotolo kolavuliramo makhololo, jakisoni wa miyezi itatu, zonsezi anthu amaziwerenga ngati chikwangwani. Ganizirani mayi yemwe akulera mwakachetechete, achibale a mwamuna asakudziwa, ndiye mchemwali wake mwachifundo akudandaula pa msonkhano wa m'mudzi kuti "jakisoni wake uja adamubweza kawiri". Dandaulo ndi loona. Koma usiku umenewo mayiyo akagona bwanji?

Khomo lachitatu ndi chithunzi. Anthu amajambula tsamba la buku la ku chipatala pofuna kuonetsa kuti adokotala adangolemba mizere iwiri. Amaiwala kuti pamwamba pa mizereyo pali za ulendo watha ndi wa dzana, zidindo, zotsatira za magazi, ndi zilembo zachidule zomwe inu simuzimva koma aliyense amene adagwirapo ntchito ku chipatala amaziwerenga. Ena amajambula mzere pofuna kuonetsa kutalika kwake. Pa chithunzicho pali nkhope makumi atatu pansi pa chikwangwani cha chipinda, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adavomera. Nenani kuti mudawerenga anthu 35. Nambala imagwira ntchito ya chithunzi popanda kugulitsa munthu.

Khomo lachinayi ndi anthu ena: "ndidakumanako ndi aphunzitsi aja," "amene adali patsogolo panga ndi mkazi wa uje, mukamufunse". Mukufuna mboni, koma mwaika mnzanu pa benchi yomwe iye sadauze aliyense kuti amakhalapo.

Pamalo ngati pa Chitakale makomo amenewa ndi otakata kwambiri. Ndi pamphambano: wa kabaza, wogulitsa zinanazi, wothyola tiyi ku esiteti ndi kondakitala wa minibasi ya ku Muloza kapena ku Phalombe onse amadziwana, ndipo ambiri amakumana pa mabenchi omwewo. Ku Blantyre mungati "mayi wina wa zaka makumi atatu" osadziwika. Kuno mukangotchula mudzi ndi ntchito ya mwamuna wake, mwamuloza ndi chala. Madzi akatayika saoleka, ndipo uthenga wa pa foni ukachoka m'manja mwanu simungauitanenso.

Nthenda ndi yanga, bwanji ndisanene?

Wina anena kuti, "Thupi ndi langa, nthenda ndi yanga, ndilibe nayo manyazi." Ndikuvomereza. Pali anthu omwe adaima poyera kunena za matenda awo, ndipo adathandiza ambiri kusiya kubisala. Palibe lamulo loletsa munthu kunena za iye mwini. Koma kuulula kotereku kumakhala bwino munthu akakusankha mtima uli pansi, atakonzeka, osati kukutulutsa mwangozi tsiku lomwe wakwiya ndi mzere. Komanso nthenda zina sizikhala za munthu mmodzi. Mukanena zanu, anthu awerengeratu za mkazi kapena mwamuna wanu, ndi za mwana wa kumsana.

Ndipo nthawi zambiri wodandaula si wodwalayo. Ndi mwamuna wake, mayi ake, kapena womudikirira. Apa mpamene pali ngozi yaikulu, chifukwa munthu amaona ngati akumenyera nkhondo m'bale wake. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo ufuluwo suthera pa khomo la ukwati. Lamulo la za HIV ndi Edzi lomwe aphungu adavomereza mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kuulula za mmene mthupi mwa munthu wina muliri iye asanavomere. Silimangira ife a chipatala okha. Musanayankhulire munthu, mufunseni, ndipo muuzeni mawu enieni omwe mukanene. Ngati ndi mwana, kumbukirani kuti adzakula, ndipo anzake a kusukulu ali ndi makutu.

Koma popanda nthenda afufuza bwanji?

Funso ili ndi lolemera kuposa loyamba lija, ndipo sindilipeputsa. Nthawi zina nthenda ndiye mutu wa nkhani. Ngati mukukhulupirira kuti adakupatsani mankhwala olakwika, kapena adachedwa kukutumizani ku chipatala chachikulu mpaka zinthu zidaipa, palibe angaweruze popanda kutsegula buku. Ngakhale za mayi uja, kuti apeze pomwe zotsatira zake zidatayikira ayenera kudziwa kuti adali magazi oyeza chiyani ndipo adatumizidwa liti.

Yankho langa ndi lakuti nkhani imodzi ili ndi mabwalo awiri. Bwalo la pagulu, kaya ndi pa wailesi, pa msonkhano wa kwa mfumu kapena pa foni, limalandira nthawi ndi zochita. Bwalo la m'chipinda limalandira buku, tsiku lenileni, dzina la mankhwala ndi dzina la wogwira ntchito. Bwalo lachiwirili lilipo. Kuyambira mu 2018 unduna wa zaumoyo mogwirizana ndi ofesi ya Ombuzimani udakhazikitsa anthu omva madandaulo m'zipatala, ndipo pa chipatala cha boma mungafunse kuti ofesi ya ombuzimani wa chipatala ili pati. Nkhani ikakhala ya kulakwitsa pa ntchito, bungwe la Medical Council of Malawi ndilo limayang'anira madokotala ndi ife makiliniko ofesa, pomwe anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo la Nurses and Midwives Council of Malawi. Kumeneko pitani ndi zonse, osabisa kanthu.

Pa zipatala zazing'ono palinso komiti ya pachipatala, momwe mumakhala anthu a m'midzi yozungulira. Komitiyi ndi yothandiza pa nkhani za nthawi yotsegulira, ukhondo ndi kusowa kwa mankhwala. Koma kumbukirani kuti mamembala ake ndi anansi anu. Apatseni za bwalo loyamba. Buku lisungireni amene ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi.

Kuti gulu lingathe kusintha chipatala popanda kuulula nthenda ya wina, si maloto. Njira ya khadi lopereka malikisi, yomwe bungwe la CARE lidayambitsa kuno ku Malawi mu 2002 ndipo idafalikira m'maiko ena, imayenda motero. Anthu a m'mudzi amagwirizana mfundo monga kalandiridwe ka odwala, kupezeka kwa mankhwala ndi kusunga nthawi, napereka malikisi. Ogwira ntchito nawo amadzipatsa malikisi paokha. Kenako mbali ziwirizi zimakumana kukambirana pomwe zasiyana. Palibe amafunsidwa kuti adabwera ndi chiyani.

Pomwe muyenera kunena pang'ono

Pali malo amodzi pomwe ndemanga ya pagulu imafunika kukhudzako za mthupi, ndipo ndi pa nkhani ya kudumphitsa mzere. Ambiri amakwiya akaona wobwera mochedwa akulowa msanga. Nthawi zina ndi kukondera ndithu. Koma nthawi zambiri ndi ndondomeko. Pa ana timatsatira njira yotchedwa ETAT, yomwe idakulira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limaiphunzitsa m'maiko ambiri. Imagawa ana patatu. Amene akukomoka, akubanika kwambiri kapena sakutsitsimuka amalowa nthawi yomweyo. Ena, monga khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wopsa ndi moto kapena womwa poizoni, amapita kutsogolo kwa mzere. Otsalawo amadikira.

Choncho maola atatu pa benchi ali ndi matanthauzo awiri. Kwa munthu wodzatenga mankhwala a nthawi zonse ndi chinthu chotopetsa. Kwa mwana wobanika ndi kulephera kwa chipatala komwe kungaphe. Kuti omvera asiyanitse, nenani kukula kwa vuto, osati dzina lake: "mwana ankapuma movutika, ndidauza wa pa khomo kawiri, palibe adabwera kudzamuona kwa mphindi 40." Mawu amenewa ndi okwanira kudzutsa mkulu wa chipatala aliyense. Chomwe adapeza atamupima chikhale m'buku.

Ife sitingakuyankheni poyera

Pali chinanso chomwe odwala ambiri sachidziwa. Mukatchula nthenda yanu pa wailesi n'kunena kuti tidakulakwirani, ife sitingaimbe foni kufotokoza mbali yathu, chifukwa kutero ndi kutsegula buku lanu pagulu. Tidakali ku koleji adatiphunzitsa kuti ngakhale wodwala atayamba yekha kuulula, chinsinsicho kwa ife chikadali chinsinsi. Ndiye chimachitika n'chakuti chipatala chimangoti "tifufuza," inu mumaona ngati tikubisa, ndipo nkhani imafera pomwepo.

Ndivomere kuti enafe timabisaladi kuseri kwa mawu oti chinsinsi. Munthu akafunsa chifukwa chomwe chitseko chidali chotseka, timamuyankha kuti za odwala sitikamba pagulu. Kumeneko ndi kuzemba. Nthawi yotsegulira chitseko si chinsinsi cha wodwala aliyense. Ndipo apa mpamene ndemanga yopanda nthenda imaposa inzake: imatilanda pobisalira. Mukafunsa kuti "chifukwa chiyani chitseko chidatsekedwa kuyambira cha m'ma 12 koloko mpaka 1:45?" palibe lamulo lomwe lingatiletse kuyankha. Mwina adokotala adaitanidwa ku chipinda cha amayi obereka, poti pa chipatala chaching'ono munthu mmodzi amathamanga ponseponse. Mwina adangopita kwawo. Chilichonse mwa ziwirizi, tiyenera kuchinena.

Uthenga uja ukadamveka motere

Bambo uja akadayamba wafunsa mkazi wake, mkaziyo n'kuvomera, uthenga wake ukadatha kukhala wotere:

"M'bale wanga adapita ku chipatala chathu tsiku lina mwezi uno. Adafika 6:20, adamulemba 7:50. Patsogolo pake padali anthu 35 ndipo dokotala adali mmodzi; adalowa 10:15 nakhalamo mphindi zinayi. Zotsatira zomwe adayezetsa ulendo watha sizidapezeke, choncho adaimanso pa mzere wa ku labu mpaka 11:40. Atabwerera chitseko chidali chotseka mpaka 1:45 popanda wofotokoza. Pa windo adamupatsa mankhwala ochepa kuyerekeza ndi omwe adamulembera, ndipo wogwira ntchito wina adanena za m'buku lake mokweza anthu akumva. Wa ku labu yekha adamulandira mwaulemu ndi kupepesa. Tikupempha kuti zotsatira zizisungidwa bwino, masana pazikhala wolowa mmalo, ndipo za m'buku zizinenedwa chitseko chili chotseka. Zina zonse tazipereka kwa omva madandaulo."

Muonemo zomwe zachotsedwa: mudzi, ubale weniweni, tsiku la sabata, chipinda, mtundu wa magazi, mabotolo. Muonenso zomwe zalowa: nthawi pa khomo lililonse, chiwerengero cha anthu, chabwino chimodzi chomwe chidachitika, ndi zopempha zitatu zoti munthu angabwere mwezi wamawa kudzaona ngati zachitika. Dzina la chipatala angalitchule, poti popanda ilo palibe angakonze kanthu. Koma ngati chipatalacho n'chaching'ono kwambiri, moti nthawi zenizenizo zingamuloze, azizungulize pang'ono pagulu, kunena kuti "maola awiri ndi theka pa khomo la adokotala", ndipo zenizenizo akazipereke m'chipinda.

Musanatumize kapena kuimirira pa msonkhano, yesani ndemanga yanu ndi funso limodzi. Apongozi anu, abwana anu a ku esiteti kapena mnansi amene simumwerana naye madzi atamva mawu amenewa, angadziwe kuti ndi ndani ndipo akudwala chiyani? Ngati angadziwe, chotsanimo china. Mukatero funsaninso ngati mkulu wa chipatala atamva angadziwe khomo loti akayambire kukonza Lolemba m'mawa. Ngati sangadziwe, onjezanimo nthawi.

Ndidatsika minibasi ija ku Limbe uthengawo utaseweredwa kachiwiri, wina atapempha kuti amutumizire. Chitseko cha masana chija sindikudziwa ngati chidasintha, poti palibe adachitchula. Koma mayi uja tsiku lake lokatenga mankhwala lidzafikanso, ndipo adzayenera kudutsa pa msika anthu akumuyang'ana. Pa ntchito yathu timadziwa chomwe chimachitika kwa ena zikatere: amasamukira ku chipatala chakutali komwe sadziwika, ndalama ya thiransipoti ikawathera amayamba kudumphitsa masiku, ndipo timadzawaonanso atafooka. Mwamuna wake ankafuna kumuchotsera maola asanu ndi atatu a pa benchi. Akadangonena za maolawo.